Makina a agogo: mtengo wotchula si mtengo wogulira

Mwambo wa sadaka utatha ndipo anthu atayamba kubalalika, azakhali anatiitanira kuchipinda kuti tione katundu amene agogo anasiya. Pakona panali makina osokera a Singer, akuda aja okhala ndi maluwa agolide, atavundikiridwa ndi chitenje chakale. Agogo aamuna anabwera nawo pochokera ku Joni, ndipo mayunifolomu a ana onse a pakhomopo anasokedwa pamakina amenewa. Mphwanga, amene foni siichoka m'manja mwake, anawajambula n'kuyamba kufufuza. Pasanathe mphindi zisanu anakuwa.

"Azakhali, musayerekeze kupatsa munthu makinawa! Taonani apa, ku Ulaya akugulitsa mapaundi 950!"

Azakhali anayang'ana foniyo, anayang'ana makinawo, kenako n'kufunsa modekha: "Akugulitsa, kapena agula?"

Funso la azakhalilo ndi limene akatswiri oyesa mitengo ya zinthu zamakedzana amayambira ntchito yawo tsiku lililonse. Aliyense amene anagulapo mbuzi pamsika amadziwa kuti mwini mbuzi amatchula mtengo wake, wogula amanenerera, ndipo ndalama imene imasintha manja ndi ina. Koma nzeru imeneyi imatithawa tikaona nambala yolembedwa pafoni. Timaiyesa mtengo weniweni, chonsecho ndi pakamwa chabe pa wogulitsa.

Chifukwa chake mitengo yotchula imanyenga

Kulemba mtengo pa intaneti sikufuna chilolezo cha wina aliyense. Munthu akhoza kuika mbale yobooka n'kulemba kuti ndi mapaundi 1,000, ndipo palibe amene angamumange. Ambiri olemba mitengo yokwera amakhala atakopera kwa anzawo amene nawonso anakopera kwa ena, aliyense akuwonjezerapo pang'ono kuti pakhale ponenerera.

Koma pali chinyengo china chobisika kwambiri, chimene sichichita kukonzedwa ndi munthu. Makina amene aikidwa pamtengo woyenera amagulidwa m'masiku ochepa, ndipo chilengezo chake chimachotsedwa. Makina amene aikidwa pamtengo wopenga sagulidwa, choncho amakhalabe pamndandanda miyezi ndi miyezi. Inu mukamafufuza lero, zambiri zimene mukuona ndi zimene ogula anazikana. Zili ngati kufika pamsika dzuwa litapendeka, n'kupeza mayi mmodzi yekha ali ndi mulu wa tomato umene anthu aulambalala tsiku lonse chifukwa chodula, inu n'kumati umenewo ndiye mtengo wa tomato. Mapaundi 950 amene mphwanga anaona sanali umboni woti makina otere amagulidwa pamtengo umenewo. Unali umboni woti pamtengo umenewo palibe amene anawagula.

Mphekesera nazonso zimathira mafuta pamoto. M'chaka cha 2009 ku Saudi Arabia kunabuka mphekesera yoti m'makina akale a Singer muli mankhwala odabwitsa amtengo wapatali otchedwa mekyule wofiira. Anthu anathamangira kumisika, mitengo yotchula inakwera mochititsa mantha, ndipo m'malo ena akuba anathyola mashopu a matelala. Mankhwalawo kulibe padziko lapansi. Mphekesera itazilala, makinawo anabwerera pamtengo wawo wakale, ndipo amene anagula modula anatsala atagwira chitsulo.

Dziwani kaye chimene muli nacho

Simungayerekeze mtengo musanadziwe dzina lenileni la chinthu chanu. Kungonena kuti "Singer yakale" kuli ngati kunena kuti "galimoto ya Toyota" osatchula mtundu wake kapena chaka chake.

Makina a Singer ali ndi nambala yodindidwa pathupi lake, kutsogolo chakumanja, pansi pa chipilala. Zilembo zoyambirira za nambalayo zimanena fakitale ndi nthawi imene makinawo anapangidwa, ndipo mindandanda yomasulira manambalawa imapezeka mwaulere pa intaneti. Nambala yoyamba ndi Y ndi ya makina opangidwa ku Clydebank, m'dziko la Scotland, pakati pa 1923 ndi 1935. Ya agogo inayamba ndi EK, kusonyeza fakitale yomweyo, koma zaka za m'ma 1950. Pamenepo chiyembekezo cha mphwanga chinayamba kuphwa, chifukwa amalonda ambiri amasungira dzina loti chinthu chamakedzana katundu amene wakwanitsa zaka 100. Makina a agogo anali asanafikepo.

Chachiwiri ndi mtundu. Makina a agogo anali 15K. Mtundu wa 15 umadziwika msanga chifukwa kagudumu kosinthira kulimba kwa ulusi kali kumapeto, kumanzere, pankhope ya makina, osati kutsogolo moyang'anana ndi wosoka. Chilembo cha K chikuimira Kilbowie, dera limene panali fakitale ya ku Clydebank ija. Fakitale imeneyi, imene inatsekedwa mu 1980, inali yaikulu kwambiri moti cha m'ma 1913 inkatulutsa makina oposa miliyoni imodzi pachaka. Makinawo anali achitsulo cholimba, ndipo ambirimbiri alipobe. Ukale wa chinthu paokha subweretsa ndalama. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa chinthucho pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu ochifuna.

N'chifukwa chake mtundu wina wa Singer, waung'ono, wamagetsi, wopepuka pafupifupi makilogalamu asanu, wotchedwa Featherweight 221, umagulidwa modula kuposa makina akuluakulu amene anautsogolera kubadwa. Osoka zofunda zazigamba ku Amereka amaukonda chifukwa amaunyamula popita kumagulu awo. Mlongo wake, 222K, anapangidwa wochepa ndipo ndi wodulirapo. Munthu wosadziwa akaona mtengo wa 222K n'kuuika pa 15K yake, wasokera kale ulendo usanayambe.

Kumene mitengo yogulira imapezeka

Malo osavuta kuyambira ndi eBay. Lembani dzina lenileni la chinthucho, monga Singer 15K, ndipo zotsatira zikabwera sankhani pamene alemba kuti Sold items. Zonse zosagulidwa zidzachoka, kudzatsala zokhazo zimene zinapeza wogula m'miyezi itatu yapitayi, chilichonse ndi mtengo wake komanso tsiku lake. Mukasankha Completed items mudzaona zonse zimene nthawi yake inatha, zogulidwa ndi zosagulidwa zomwe. Nazonso zimaphunzitsa: ngati pa makina khumi aliwonse atatu okha ndiwo anagulidwa, dziwani kuti ogula ndi ochepa ndipo mudzadikira.

Malo achiwiri ndi zotsatira za nyumba zogulitsa katundu pa okushoni. Masamba monga the-saleroom ndi LiveAuctioneers amasunga zotsatira za malonda amene anachitika kale. Kumeneko mudzakumana ndi mawu atatu oyenera kuwasiyanitsa. Estimate ndi mtengo umene nyumbayo inkaganizira malonda asanachitike, ndipo nawonso ndi kutchula chabe. Hammer price ndi mtengo umene nyundo inagwera. Passed kapena Unsold akutanthauza kuti katunduyo anabwerera kwa mwini wake, mwina chifukwa opikisana sanafike pamtengo wotsikitsitsa umene mwiniyo anagwirizana ndi nyumbayo. Alimi a fodya amene anaonapo mabelo awo akubwerera ku Kanengo kapena ku Limbe safunika kuwamasulira zimenezi.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kumene malonda ambiri akwathu amachitikira, mtengo wogulira suoneka. Wogulitsa amalemba kuti katundu wapita, koma sanena kuti wapita pa zingati atanenerera. Kumeneko njira ndi ya miyendo ndi pakamwa basi, monga tione kutsogoloku.

Kuyala mitengo pamphasa

Tiyeni tichite ntchitoyi monga tinachitira ndi mphwanga. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongophunzirirapo, chifukwa mitengo imasintha mwezi ndi mwezi ndipo inu muyenera kuona ya tsiku lanu.

Tiyerekeze kuti mwapeza makina a 15K khumi ndi awiri amene anagulidwa ku Britain. Ntchito yoyamba ndi kupeta. Awiri ndi amagetsi pamene anu si amagetsi: achotseni. Amodzi alembedwa kuti ndi owonongeka, ongochotsamo zipangizo: achotseni. Awiri ena ali ndi maluwa agolide owala ngati atsopano, pamodzi ndi bokosi lake lamatabwa, kiyi wake ndi kabuku kake, pamene maluwa a makina anu anafufutika ndi mikono ya agogo: achotseninso. Mtima umakana kuchotsa amenewa chifukwa ndiwo odula, koma kudzinamiza sikukweza mtengo.

Mwatsala ndi asanu ndi awiri ofanana ndi anu. Alembeni kuyambira wotsika kufika wokwera: £28, £35, £40, £45, £55, £60, £240.

Mukaphatikiza mitengo yonseyi n'kugawa kasanu ndi kawiri, mupeza pafupifupi £72. Koma taonani bwino: pa makina asanu ndi awiriwo, asanu ndi amodzi sanafike pa £72. Nambala imodzi yokha, £240 ija, yakokera zonse m'mwamba. Njira yabwino ndi kutenga mtengo umene wakhala pakati penipeni pa mndandanda, wokhala ndi atatu pansi ndi atatu pamwamba. Pano ndi £45. Ndipo kunena zoona, yankho lanu lisakhale nambala imodzi ayi, koma malire: makina otere amagulidwa pakati pa £35 ndi £60, kawirikawiri cha m'ma £45.

Nanga £240 ija? Musaitaye musanaitsegule. Onani zithunzi zake ndi mawu ake onse. Mwina makinawo anali ndi chizindikiro chapadera, monga kabaji kabuluu m'mphepete kamene Singer inaika pamakina ena cha mu 1951 pokondwerera zaka 100. Ngati anu alinso nako, fufuzaninso polemba zimenezo, chifukwa mwina muli m'gulu lina. Mwina wogulitsayo ndi mmisiri amene anawamasula, kuwatsuka, kuwakonza n'kulonjeza kuti akavuta abwezedwe. Pamenepo wogula analipira ntchito ndi chitsimikizo, osati makina okha. Kapenanso anthu awiri anangolimbana tsiku limenelo, aliyense osafuna kugonja. Zotere zimachitika, koma simungamangire bajeti pa mkangano wa anthu awiri osawadziwa.

Ngakhale mtengo wogulira umanama nthawi zina

Pali misampha itatu imene muyenera kuidziwa.

Woyamba ndi wa kunenerera. Pa eBay wogula akhoza kupereka mtengo wake, wogulitsa n'kuvomera. Zikatero pamalembedwa kuti Best offer accepted, ndipo mtengo umene umaoneka umakhala wakhwatchidwa ndi mzere. Umenewo ndi mtengo wotchula uja. Ndalama yeniyeni inali yocheperapo, ndipo siioneka. Malonda otere muwawerenge ngati denga: mtengo unali pansi pa apa.

Wachiwiri ndi wa wogula wosalipira. Munthu akhoza kupambana pa okushoni n'kusowa osapereka ndalama, koma katunduyo n'kumaonekabe pamndandanda wa zogulidwa. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona makina omwewo, zithunzi zomwezo, nsalu yoyala pansi yomweyo, wogulitsa yemweyo, atagulidwa kawiri kapena katatu m'milungu yochepa, dziwani kuti malonda oyambawo anafa. Mtengo wokwera modabwitsa umene ukuoneka kamodzi kokha, popanda wina woyandikira, uyenera kukayikiridwa mpaka utapeza mboni yachiwiri.

Wachitatu ndi wa nthawi. Mtengo wa zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo si wa lero. Ku Britain mipando, matebulo ndi makabati akale amatabwa ofiirira zinali chuma chenicheni m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, koma kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mitengo yake inagwa kwambiri, chifukwa achinyamata akukhala m'nyumba zazing'ono ndipo sakonda katundu wolemera. Munthu amene akusunga lisiti la bambo ake la nthawi imeneyo amakhumudwa akafika pa okushoni lero. Mabuku akale a mitengo ali ndi vuto lomweli. Chikalata cha inshuwalansi nachonso chimanena ndalama zimene mungawononge pogula china m'sitolo, osati zimene mungalandire pogulitsa chanu.

Zimene wogula walipira si zimene wogulitsa walandira

Mlimi wa fodya amadziwa kuti mtengo wolembedwa pabelo si umene umalowa kubanki. Pamachoka za mayendedwe, za msika, za ziguduli. Pa zinthu zakale zilinso chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti nyundo yagwera pa £40. Nyumba za okushoni zimawonjezera gawo lawo pa wogula, nthawi zambiri pakati pa 20 ndi 30 pa 100 iliyonse. Titatenga 25, wogula apereka £50. Wogulitsa nayenso amadulidwa gawo lake. Titatenga 15 pa 100, alandira £34, asanachotse msonkho ndi ndalama zina zing'onozing'ono monga za zithunzi. Makina amodzi omwewo ali ndi mitengo itatu: £50, £40 ndi £34. Choncho mukamawerenga zotsatira, onetsetsani ngati nambala imene yalembedwa ndi ya nyundo yokha kapena yaphatikiza gawo la nyumbayo, chifukwa nyumba zimasiyana kalembedwe kake. Pa eBay, onaninso ndalama yotumizira. Wogula amene anapereka £45 ya makina ndi £20 ya mtengatenga, m'mutu mwake anagula pa £65, koma wogulitsa sanadye £20 imeneyo.

Wamalonda wogula kuti akagulitsenso akabwera pakhomo panu n'kutchula theka la mtengo umene mwapeza, si nthawi zonse pamene amakhala akuba. Iye adzanyamula, adzatsuka, adzasunga mwina miyezi, ndipo mwina sadzagulitsa. Chimene kufufuza kwanu kumakupatsani ndi mphamvu yodziwa ngati akudula theka kapena akufuna kutenga chinthu cha mtengo wa ng'ombe pamtengo wa nkhuku.

Msika umene mungafike

Apa ndi pamene ine ndi mphwanga tinasiyira masamu a ku Ulaya. Mutu wa makina a 15K ndi wachitsulo, wolemera kuposa makilogalamu khumi, osawerengera tebulo ndi miyendo yake yopalasira. Kuutumiza pandege kuchokera ku Lilongwe kupita ku London kungadye ndalama zoposa mtengo wa makinawo. Ngakhale ku Britain komweko, makina opalasa a tebulo amavuta kugulitsa, chifukwa sangatumizidwe papositi ndipo wogula ayenera kubwera ndi galimoto kudzatenga yekha. Mtengo wa ku London ndi wa munthu amene makina ake ali ku London. Abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa akhoza kuwerengera mitengo ya kumeneko pa katundu amene ali naye komweko. Kwa katundu wolemera amene ali kuno, msika wake ndi wa kuno.

Ndipo kuno makina a 15K si chokongoletsera pabalaza. Ndi khasu la telala. Makina ambiri akuda atsopano amene amagulitsidwa m'masitolo, monga a Butterfly, anatengera kapangidwe ka Singer 15, moti masingano, mabobini ndi zipangizo zina zambiri zimapezeka mosavuta. Telala wa pakhonde safunsa za maluwa agolide. Amapalasa, amamvetsera kulira kwake, amatembenuza nsalu kuti aone ngati ulusi wapansi ukuluka bwino, amayesa pa jinzi yopinda kanayi. Kwa iye mtengo wa makina a agogo umayezedwa ndi mtengo wa makina atsopano a m'sitolo komanso kulimba kwa chitsulo chakale.

Choncho tinatenga funso la azakhali lija n'kupita nalo kwa matelala ndi kwa amisiri okonza makina pamsika wa pa boma. Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukafunsa kuti, "Makina awa angagulidwe zingati?" mudzamva maganizo, ndipo ngati wofunsidwayo akuwafuna, adzatchula motsika. Ife tinkafunsa kuti, "Achimwene, makina mukusokerawa munagula liti, kwa yani, ndipo munapereka zingati?" Mayankho a anthu amene anagula zaka zambiri zapitazo tinawasiya, chifukwa kwacha ya nthawi imeneyo si ya lero. Tinasunga a amene anagula m'chaka chomwecho. Anali anayi okha, koma anali mitengo imene inalipiridwadi, pamakina ofanana, pamsika umene tingafike ndi njinga. Umboni wa anthu anayi ndi wochepa, choncho malire athu anali otakasuka, koma unali wolimba kuposa zilengezo zana limodzi za pafoni.

Njira imeneyi si ya makina osokera okha. Kaya ndi makobiri obooka a nthawi ya Chitaganya, masitampa a Nyasaland, simbi ya makala kapena galamafoni, mafunso ake ndi omwewa. Chinthuchi dzina lake lenileni ndi chiyani? Chofanana nacho, chokalamba mofanana, chinagulidwa zingati posachedwapa, ndipo kangati? Pachoka zingati ndalama isanafike m'thumba mwanga? Ndipo wogulayo ndingamufike? Kusiyana kwake n'koti kobiri ndi sitampa zimalowa mu envelopu, choncho pa zimenezi mitengo ya kunja ikhoza kukhaladi yanu.

Azakhali atamva zonse anaseka, n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Makinawo sanagulitsidwe. Anawathira mafuta, anagula lamba watsopano, ndipo pano mdzukulu wawo akuphunzirirapo kusoka.

Inunso wina akadzakuonetsani foni n'kunena kuti chinthu cha agogo anu ndi cha mamiliyoni, musakangane naye. Mufunseni kuti akuonetseni amene analipira.